Mafoni akudya bajeti koma mafomu sakubwera: nditsitse bidi kapena vuto ndi tsamba?

Nachisale

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhala mukuyendetsa malonda pa Google Ads. Ndili ndi kampeni ya Search imene imatumiza anthu ku tsamba lokhala ndi fomu yofunsira mitengo ya katundu, ndipo bidi, ndalama yokwera kwambiri imene ndalola kulipira pa kiliki imodzi, ndimaika ndekha kudzera mu Manual CPC, masenti 50 pa mawu ambiri amene anthu amafufuzira. Nditagawa lipoti la mwezi wathawu potengera zipangizo, ndapeza kuti mafoni adabweretsa makiliki 2,400 amene adadya madola 600, koma mafomu otumizidwa ndi 24 okha, kutanthauza kuti fomu imodzi yandidyera madola 25. Makompyuta adabweretsa makiliki 600 amene adadya madola 240, ndipo mafomu ndi 24 omwewo, fomu imodzi madola 10. Malinga ndi phindu limene timapeza, fomu imodzi siyenera kupitirira madola 15.

Ndikudziwa kuti ambiri mwa anthu amene tikuwafuna amalowa pa intaneti ndi foni, kawirikawiri pa netiweki yofooka. Kodi pali njira yotsitsira bidi kwa okhawo amene netiweki yawo ikuchedwa? Ngati palibe, ndichotse maperesenti angati pa mafoni onse?

Gondwe

Mayi Nachisale, nkhaniyi ndi ya masamu basi. Pa foni munthu mmodzi mwa 100 alionse ndi amene akutumiza fomu, pamene pa kompyuta ndi anayi mwa 100. Kiliki ya foni ndiye kuti phindu lake ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a phindu la kiliki ya kompyuta, choncho pitani pa Devices muike -75% pa Mobile phones. Ndikadakhala ine ndikadaika -100% n'kusamutsira ndalama zonse ku makompyuta, chifukwa madola 600 amenewo akungolowa m'madzi.

Mbewe

A Gondwe, masamu anuwo ali ndi mutu, koma akuyankha funso lina. Kuchotsa maperesenti 75 kungakhale koyenera Mayi Nachisale akadafuna kuti kiliki ya foni iwerengedwe mofanana ndendende ndi ya kompyuta, pamene iwo anena kuti malire awo ndi madola 15, osati 10. Kuwerengera kwake n'kugawa mtengo umene akufuna ndi mtengo umene akulipira, kenako n'kuchotsapo 1:

```
15 / 25 - 1 = -0.40
```

Zikutipatsa -40%. Kunena za -100%, kumbukirani kuti theka la mafomu onse likuchokera ku mafoni. Mukatseka mafoni, anthu ofufuza pa kompyuta sachuluka chifukwa chakuti inu mwatsala ndi ndalama. Makiliki 600 aja mwina ndi pafupifupi onse amene alipo pa mawu amenewa, ndiye mungotsala ndi mafomu 24 ndi bajeti yosagwira ntchito.

Pa funso lanu loyamba, mayi, yankho ndi lakuti ayi. Mu kampeni ya Search zipangizo zimene mungasinthire bidi ndi Computers, Mobile phones ndi Tablets, ndipo mutha kutsitsa mpaka -90%, kukweza mpaka +900%, kapena kutsekeratu ndi -100%. Palibe malo osankhira liwiro la netiweki. Munthu wa foni yodula amene ali pa Wi-Fi yothamanga ndi munthu wa foni yakale amene netiweki ikumuvuta onse ali m'gulu limodzi la Mobile phones, ndipo mukatsitsa bidi mumatsitsira onse pamodzi. N'chifukwa chake ndikadakonda kuti tisanagwirizane za peresenti tione kaye chimene chatsitsa dzaye. Tsegulani GA4, chida cha Google chowerengera obwera pa tsamba, muone masesheni, kapena kuti maulendo a anthu pa tsamba, ochokera ku google / cpc pa mwezi womwewo, muwagawe ndi Device category, mutiuze kuti a mobile ndi angati ndipo a desktop ndi angati.

Tiyamike

Ine ndimaona kuti njira yosankhira netiweki ilipo. Ndikamakonza malonda pa Meta pamakhala kabokosi kolembedwa kuti Only when connected to Wi-Fi, ndipo ndikakachonga anthu a netiweki yofooka sawaona malondawo. Mayi Nachisale angochita chimodzimodzi.

Mbewe

Kabokosiko kalipodi, achemwali, koma ndi ka Meta. Ku Google Ads kusankha pakati pa Wi-Fi ndi makampani a netiweki za mafoni kumapezeka mu makampeni a Display ndi a Video, osati a Search monga iyi. Komanso Wi-Fi si chitsimikizo cha liwiro, pakuti Wi-Fi imene anthu makumi awiri akugawana ikhoza kuchedwa kuposa netiweki ya foni. Chimene ndingatengepo pa zimene mwazolowera ku Meta ndi kusiyana kwa Link clicks ndi Landing page views, kumene kumasonyeza anthu amene adadina koma tsamba silidawatsegukire. Kusiyana komweko ndi kumene ndikufuna tipeze kuno.

Nachisale

Ndaona monga mwanenera, Bambo Mbewe, ndipo zandiimitsa mutu. Makompyuta ali ndi masesheni 570 pa makiliki 600, zimene zikumveka. Mafoni ali ndi masesheni 1,500 okha pa makiliki 2,400. Anthu 900 enawo apita kuti? Kodi mwina ndikulipira makiliki achinyengo?

Mbewe

Musathamangire kunena kuti ndi chinyengo, ngakhalenso kunena kuti onse 900 ndi vuto la liwiro. Makiliki ndi masesheni safanana ndendende ngakhale pa tsamba labwino, chifukwa munthu mmodzi amatha kudina kawiri m'mphindi zochepa n'kuwerengedwa sesheni imodzi, ena amakana makuki, ndipo ena ali ndi mapulogalamu otsekereza tagi ya GA4. Izi zimachitika pa zipangizo zonse, n'chifukwa chake makompyuta nawonso ataya 30. Koma kutaya anthu 5 mwa 100 pa kompyuta n'kutaya oposa 37 mwa 100 pa foni, pa tsamba limodzimodzi, ndi kusiyana kumene makuki okha sangakufotokoze.

Zimene zimachitika n'zakuti Google imakulipiritsani pa mphindi imene chala chakhudza uthenga wamalondawo, pamene GA4 imamuwerenga munthuyo pokhapokha tagi yake itatsitsidwa n'kugwira ntchito m'foni mwake. Pakati pa mphindi ziwirizi pakhoza kudutsa masekondi awiri kapena makumi awiri, ndipo aliyense wotopa n'kubwerera m'mbuyo panthawi imeneyo mwamulipira koma simudamuone. Kuti tidziwe pamene akugwera, pakufunika zinthu ziwiri. Choyamba, mu Google Ads dinani Segment kenako Click type, kuti muone ngati ena mwa makilikiwo sadali oimba foni kudzera pa nambala imene ili pa malondawo, pakuti amenewo safika n'komwe pa tsamba. Chachiwiri, funsani amene amasamala seva yanu akuwerengereni mapempho a mafoni amene adafika ndi `gclid`, chizindikiro chimene Google imamata kumapeto kwa adiresi munthu akadina:

```
grep "GET [^ ]*gclid=" access.log | grep -c "Mobile"
```

Chiwerengerochi sichikhala cholondola kwenikweni, chifukwa munthu akatsitsimutsa tsamba amalembedwa kawiri, ndipo ngati pali zolozera kwina pa seva yomweyo kiliki imodzi imasiya mizere ingapo, choncho awerenge `gclid` iliyonse kamodzi. Ngakhale zili choncho chimatiuza ngati anthu akugwa asanafike pa seva kapena atafika kale.

Kalua

Pepani kuti ndilowetsapo nkhani yanga, koma ikufanana. Kampeni yanga ili pa Maximize conversions, ndipo nditaona kuti mafoni akudula ndidaika -50% pa Mobile phones. Papita nthawi ndithu koma palibe chasintha, mafoni akudyabe gawo lomwelo la bajeti. Mnzanga amene ali pa Target CPA adaika -50% yomweyo ndipo makiliki ake a mafoni adatsala pang'ono kutheratu. Nanga chinthu chimodzi chikupereka bwanji zotsatira ziwiri zotsutsana?

Mbewe

A Kalua, nambalayo ndi imodzi koma ntchito yake imasintha malinga ndi njira ya bidi imene mwasankha. Pa Manual CPC ndi pa Maximize clicks imasintha bidi yeniyeniyo. Pa Maximize conversions yopanda malire a mtengo, makina a Google ndi amene amaika bidi pa okushoni iliyonse, akuyang'ana kale chipangizo, malo ndi nthawi, ndipo peresenti yanu saigwiritsa ntchito. Chimene amamvera ndi -100% yokha, imene imatseka chipangizocho. Ndiye -50% yanuyo yangolembedwa pa sikirini koma sikugwira kanthu.

Pa Target CPA ndi zinanso. Peresentiyo siisintha bidi koma imasintha mtengo umene mwauza makinawo kuti alondole pa chipangizocho. Ngati mnzanuyo adaika madola 20, ndiye kuti ndi -50% wauza makinawo kuti pa foni apeze wogula ndi madola 10 okha. Ngati pa foni ogula otsika mtengo chotero ndi osowa, makinawo amangosiya kupikisana nawo pa maokushoni ambiri a mafoni, n'chifukwa chake makiliki adagwa chonchija.

Pali chinthu china chimene a bidi zamakinazi ayenera kuchiganizira. Makinawo amaphunzira kuchokera ku mafomu ndi maoda amene alembedwa. Tsamba likamachedwa pa foni, iwo amangoona kuti mafoni sagula, amatsitsa okha bidi ya mafoni, ndipo sakuuzani kuti chifukwa chake ndi chithunzi cholemera. Lipoti limaoneka labwino pamene msika wanu wa mafoni ukucheperachepera.

Nachisale

Ziwerengero zija zabwera. Pa makiliki 2,400, okwana 100 adali oimba foni, ndipo oimbawa sitiwawerenga ngati zotsatira. Otsala ndi 2,300. Pa seva padafika pafupifupi 2,150, koma GA4 idaona 1,500. Ndayesanso tsambalo pa PageSpeed Insights. Kumtunda kwalembedwa kuti palibe deta yokwanira ya anthu enieni, koma kumunsi, pa Mobile, LCP ndi masekondi 14 ndipo tsamba lonse likulemera mamegabaiti 4.2. Chodabwitsa n'chakuti pa foni yanga limatseguka bwinobwino.

Mbewe

Apa ndiye pagona nkhani. Anthu 150 adagwa asanafike pa seva, ndipo 650 adafika, seva idayamba kuwatumizira tsamba, koma adachoka tagi isanadzuke. Onse pamodzi ndi 800, ndipo pa masenti 25 amene mukulipira pa kiliki ya foni ndi madola 200, gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zonse za mafoni. Ena mwa iwo ndi okana makuki ndi odina mwangozi, koma ambiri ndikukhulupirira kuti adangotopa.

Tiyeni tione chifukwa chake. PageSpeed Insights ikamayesa Mobile imayerekeza foni yapakatikati pa netiweki ya mamegabiti 1.6 pa sekondi. Tikagawa ndi 8 tikupeza makilobaiti pafupifupi 200 pa sekondi. Tsamba la mamegabaiti 4.2 ndi makilobaiti 4,200, ndiye kuti limafuna masekondi 21 kuti litsike lonse pa netiweki imeneyo. Munthu amene netiweki yake ikumupatsa makilobiti 400 pa sekondi akulandira makilobaiti 50 okha, ndipo tsamba lomwelo limudikiritsa masekondi 84. Google imati LCP, nthawi imene chinthu chachikulu cha pamwamba pa tsamba chimatenga kuti chioneke, ndi yabwino ikakhala masekondi 2.5 kapena kucheperapo, ndipo ikapitirira 4 ndi yoipa. Yanu ndi 14.

Kuti pa foni yanu limatseguka msanga si umboni, mayi. Mwalitsegulapo kambirimbiri, zithunzi ndi mafayilo ake adasungidwa kale m'foni mwanu, ndipo mwina muli pa netiweki yabwino. Munthu wodina malonda akubwera koyamba, alibe chilichonse chosungidwa. Kuti muone zimene iye amaona, tsegulani tsambalo mu Chrome pa kompyuta, dinani F12, pitani pa Network, chongani Disable cache, ndipo pamene palembedwa No throttling musankhe netiweki yochedwa. Kenako dinani mutu wa Size kuti mafayilo olemera akhale pamwamba, mutiuze atatu oyamba. Chonganinso Preserve log ndipo mulembe adiresi yeniyeni imene ili pa Final URL ya malonda anu, muone ngati mizere yoyambirira ili ndi 301 kapena 302, manambala osonyeza kuti seva ikulozera ku adiresi ina.

Gondwe

Ndikuvomera kuti tsambalo ndi lolemera, koma tisaiwale kuti kukonza tsamba kumatenga nthawi pamene ndalama zikutuluka tsiku ndi tsiku. Komanso kuchedwaku kukuwapweteka kawiri, chifukwa Quality Score imatsika ndipo Google imachulukitsa bidi ndi Quality Score popeza malo a malonda. Akangofulumizitsa tsamba, Quality Score ikwera kuchoka pa 5 kufika pa 8 ndipo mtengo wa kiliki ugwa pafupifupi ndi theka.

Mbewe

Zakuti ndalama zikutuluka n'zoona, ndipo ndibwererako. Za Quality Score tisalonjeze zimene sitingathe kutsimikiza. Nambala ya 1 mpaka 10 imene mumaiona ija Google yomwe imanena kuti ndi chida chounikira, siilowa mu okushoni. Chimene chimalowa ndi Ad Rank, imene imawerengedwa mwatsopano pa kufufuza kulikonse potengera bidi, ubwino wa uthenga ndi wa tsamba, ndi zinthu monga chipangizo ndi malo a wofufuzayo. Quality Score ili ndi mbali zitatu, Expected CTR, Ad relevance ndi Landing page experience, ndipo liwiro ndi gawo chabe la mbali yachitatuyo, pamodzi ndi kugwirizana kwa zolembedwa pa tsamba ndi zimene munthu amafufuza. Tsamba likhoza kuthamanga koma mbaliyo n'kukhalabe pa Below average chifukwa silikuyankha funso la wofufuza. Choncho phindu pa mtengo wa kiliki likhoza kubwera, koma kukula kwake palibe angakuuzeni pasadakhale. Phindu limene tingaliwerenge lero ndi la anthu 800 aja.

Onani mmene masamu asinthira. Mwa anthu 1,500 amene tsamba lidawatsegukira, 24 adatumiza fomu, omwe ndi maperesenti 1.6, osati 1. Tsamba litakonzedwa mpaka anthu 90 mwa 100 azifika, pa makiliki 2,300 pangafike 2,070, ndipo pa mlingo womwewo mafomu angakhale 33. Madola 600 kugawa ndi 33 ndi pafupifupi madola 18. Sizinafikebe pa 15, koma kutsitsa kofunika kwachoka pa -40% kufika cha pa -17%, tisanawerenge n'komwe anthu 100 oimba foni aja, amene ena mwa iwo mwina adagula. Ndichenjeze kuti 33 ndi chiyembekezo chabe, chifukwa amene adapirira masekondi 14 mwina ndi amene ankafunitsitsa katunduyo kuposa amene adachoka. Mbali inayi, opirirawo adakumananso ndi fomu yochedwa kuyankha, ndiye mlingo wawo ukhozanso kukwera.

Chanza

Ine ntchito yanga ndi yomanga mawebusaiti, za bidi sindilowererapo, koma ndionjezere pa anthu 150 amene sadafike pa seva. Pa netiweki yofooka vuto si kuchepa kwa makilobaiti kokha, komanso nthawi imene uthenga umatenga kupita ku seva n'kubwerera. Foni isanalandire chilembo choyamba cha tsamba imayenera kufunsa adiresi ya seva, kulumikizana nayo, kugwirizana za chitetezo, kenako n'kupempha tsambalo, maulendo pafupifupi anayi. Ulendo umodzi ukamatenga mamilisekondi 300, sekondi imodzi ndi kanthu yapita munthu akuyang'ana sikirini yoyera. Tsopano ngati Final URL yalembedwa ndi `http://` ndipo seva ikulozera ku `https://`, kenako n'kulozeranso ku adiresi yokhala ndi `www`, maulendo amenewa amabwerezedwa. Kukonza kwake sikufuna katswiri: koperani adiresi yomaliza imene imaoneka tsamba likatseguka, muiike pa Final URL. Muonetsetsenso kuti `gclid` ikufika mpaka kumapeto, chifukwa zolozera zina zimaidula, ndipo zikatero munthu amatumiza fomu koma Google Ads osadziwa kuti adachokera ku malonda.

Nachisale

Zikomo a Chanza, zolozera zilipodi ziwiri monga mwafotokozera. Mafayilo olemera kwambiri ndi chithunzi cha pamwamba, mamegabaiti 2.6, kabokosi kochezera ndi makasitomala, makilobaiti pafupifupi 600, ndi mitundu isanu ya zilembo. Chithunzicho chidaikidwa monga chidachokera mu kamera, mapikiseli 4,000 m'lifupi. Ndaonanso kuti pa netiweki yochedwayo mutu wa nkhani ndi fomu sizioneka mpaka patapita nthawi, pamangokhala malo oyera.

Chanza

Chithunzi chokhacho ndi masekondi 13 pa liwiro limene Bambo Mbewe awerengera, ndiye LCP ya 14 ija gwero lake ndi chimenechi. Chichepetseni kufika mapikiseli 800 m'lifupi, muchisunge ngati WebP, ndipo kawirikawiri chimatsika kufika makilobaiti 100 kapena kuzungulira pamenepo popanda diso kuona kusiyana pa foni. Muchiike motere:

```
<img src="chithunzi-800.webp" width="800" height="450"
     fetchpriority="high" alt="Katundu wathu">
```

Manambala a m'lifupi ndi msinkhu amathandiza kuti malo ake asungidwe, fomu isamadumphe munthu akufuna kudina. Musachiikire `loading="lazy"`, chifukwa imeneyo ndi ya zithunzi za m'munsi, ndipo pa chithunzi cha pamwamba imachedwetsa chinthu chomwe mukufuna chifulumire. Kabokosi kochezerako kazibwera pokhapokha munthu akadina batani lake. Zilembo musiye mtundu umodzi kapena iwiri, ndipo muike `font-display: swap` kuti mawu azioneka nthawi yomweyo ndi zilembo za m'foni pamene zanuzo zikutsika. Malo oyera amene mwaonawo nthawi zambiri amabwera chifukwa cha zilembo kapena masikiriputi amene ali kumutu kwa tsamba popanda `defer`.

Ndikudandaula kwambiri ndi fomu, chifukwa anthu amakonza chithunzi n'kuiwala mbali imeneyi. Yesani kuitumiza muli pa netiweki yochedwa yomweyo. Ngati zotsatira zimalembedwa pokhapokha tsamba lothokoza likatseguka, ndipo tsambalo nalonso ndi lolemera, munthu akhoza kutumiza fomu, n'kutseka foni tagi isanagwire ntchito. Fananizani mafomu amene adafikadi kwa inu ndi 48 amene Google Ads yalemba. Akapezeka kuti ndi ochuluka, mwina mafoni akhala akunamiziridwa.

Tiyamike

Ndiye kodi sizingatheke kudziwa kuti mwa anthu obwera pa tsamba ndi angati ali pa netiweki yochedwa, ngakhale sitingathe kuwasinthira bidi?

Chanza

Zimatheka pang'ono. Chrome imapereka `navigator.connection.effectiveType`, imene imabweza `slow-2g`, `2g`, `3g` kapena `4g`, ndipo mutha kuitumiza ku GA4. Koma Safari siipereka, ndiye a iPhone simuwaona. Mawu akuti `4g` satanthauza kuti munthuyo ali pa netiweki ya 4G, amangotanthauza kuti liwiro limene layezedwa lapitirira malire ena otsika ndithu, moti netiweki yongoyenda pang'ono imalowa momwemo. Vuto lalikulu n'lakuti mumayeza okhawo amene adapirira mpaka sikiriputi idagwira ntchito, pamene ochedwa kwambiri, amene mukufuna kuwadziwawo, adachoka kale.

Mbewe

Njira yoyandikira kwambiri pa zimene Mayi Nachisale adafunsa poyamba ndi malo, popeza netiweki yofooka kawirikawiri imatsata dera. Onani lipoti la Locations muligawe ndi Device. Ngati madera ena mafoni akuchita bwino pamene ena akugwa, pali poyambira. Koma samalani, chifukwa kusintha kwa malo kumakhudza zipangizo zonse za m'deralo ndipo kumachulukitsana ndi kwa chipangizo. Mukaika -30% pa dera ndi -20% pa mafoni, foni ya m'deralo imalandira 0.7 kuchulukitsa ndi 0.8, zomwe ndi 0.56 ya bidi yanu, ndipo kompyuta ya m'dera lomwelo, imene inalibe mlandu, yatsitsidwanso ndi maperesenti 30. Kuti mukhudze mafoni a madera amenewo okha, muyenera kuwapatulira kampeni yawoyawo n'kuika peresenti ya mafoni m'menemo. Ndi mafomu 48 pa mwezi sindingakulangizeni kutero, chifukwa mukagawa ziwerengero zazing'ono chotero gulu lililonse litsala ndi mafomu asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo simungasiyanitse zoona ndi mwayi. Ngakhale 24 yomweyo ikhoza kukhala 19 kapena 29 mwezi wamawa popanda chosintha chilichonse.

Pa nkhani ya a Gondwe ya ndalama zotuluka tsiku ndi tsiku, ine ndikadaika -20% kwa kanthawi pamene tsamba likukonzedwa. Chifukwa chimene sindikupitira pa -40% n'chakuti peresentiyo imadula bidi yapamwamba, osati mtengo umene mumalipiradi. Masenti 50 akakhala 30, maokushoni amene mumapambana kale ndi masenti 20 sasintha, koma mumataya onse amene amafuna masenti oposa 30, ndipo nthawi zambiri amenewo ndi mawu amene opikisana nanu akuwalimbirana chifukwa amabweretsa ogula.

Gondwe

Pamenepa sitigwirizana, Bambo Mbewe. Ngati tikudziwa kuti kiliki imodzi mwa zitatu ikutayika, kugula makiliki ambiri pa -20% n'kupitiriza kutaya mwadala. Ine ndikadaika -40% lero, n'kuikweza tsiku limene tsamba latsopano layamba kugwira ntchito. Kusintha peresenti sikutenga ngakhale mphindi imodzi, ndipo pa Manual CPC palibe makina ophunzira amene tingawasokoneze.

Mbewe

Mfundo yakuti pa Manual CPC palibe chosokonezeka ndi yoona. Nkhawa yanga ndi ya kuyeza. Mukasintha bidi kwambiri ndi tsamba panthawi imodzi, mtundu wa makiliki umasinthanso, ndipo pamapeto simudziwa chimene chathandiza. Ngati kukonzako kutenga masiku ochepa, kusiyana kwa ndalama pakati pa -20% ndi -40% n'kochepa. Ngati kutenga miyezi, ndiye a Gondwe akunena zoona.

Nachisale

Ndabweranso kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Ndidaika -20%, ndipo tsamba lidakonzedwa sabata yomweyo. Tsopano likulemera makilobaiti pafupifupi 650, zolozera zidachotsedwa, ndipo LCP pa Mobile yafika masekondi 3.1. Pa makiliki 100 alionse a mafoni opita ku tsamba, GA4 ikuona masesheni pafupifupi 85, pamene kale inkaona 65. Mafomu a mafoni akuoneka kuti achuluka, koma akadali ochepa moti sindingatchule mtengo wake molimba mtima. Ndidafananizanso monga adanenera a Chanza, ndipo mwezi uja tidalandira mafomu 53 kuchokera pa tsambalo, osati 48, ngakhale sindingadziwe ngati asanu enawo adachokera ku mafoni kapenanso ku malonda n'komwe. Landing page experience ikadali pa Below average pa mawu ambiri. Kodi ndichotse -20% tsopano, kapena ndidikire?

Mbewe

Ine ndingadikire mpaka mafomu a mafoni a tsamba latsopanoli afike 30 kapena kuposerapo, kenako n'kubwereza kuwerengera kuja ndi mtengo watsopano. Powerengapo musiye masiku angapo omaliza, chifukwa Google Ads imalemba zotsatira pa tsiku la kiliki, ndipo munthu wodina lero n'kutumiza fomu mkucha amachititsa kuti masiku aposachedwa azioneka oipa kuposa mmene alili. Yambaninso kuwerenga oimba foni ngati zotsatira, poika malire a kutalika kwa kukambirana kuti olakwitsa nambala asalowemo. Landing page experience imatsatira mbiri ya nthawi yapitayo, choncho siisintha tsiku lomwelo, koma ikakhalabe pomwepo kwa nthawi yaitali muyang'ane ngati mutu wa tsambalo ukugwirizana ndi mawu amene anthu akufufuza.

Gondwe

Musanadikire mwezi wonse, onani kaye Search lost IS (rank), gawo la mipata yoonetsa malonda imene mwataya chifukwa cha Ad Rank yotsika, mutaigawa ndi Device. Ngati mafoni akutaya maokushoni ambiri chifukwa cha -20% imeneyi, mafomu 30 amene Bambo Mbewe akufunawo achedwa kukwana, ndipo mwina kuli bwino kuibweza pa -10% kuti ziwerengero zibwere msanga. Mutiuze kuti ili pa maperesenti angati.